Mwapeza ndalama yambiri pakamodzi: mmene mungawerengere miyezi ndi chiwongoladzanja chimene mungadule pa ngongole yanu

Munthu amene akubweza ngongole mwezi ndi mwezi akapeza ndalama yambiri pakamodzi, kaya wagulitsa soya, kaya walandira chipereganyu, kaya kuntchito kwabwera bonasi, amadzifunsa ngati aiponye ku ngongole ija kuti apume msanga. Yankho lake silovuta kulipeza, ndipo mungalipeze nokha musanapite ku banki, ndi pepala, cholembera ndi kakyuleta ya pa foni. Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti ndalama yomweyo, yoperekedwa tsiku lomwelo, ikhoza kukupulumutsirani chiwongoladzanja chochuluka, chochepa, kapena osapulumutsa ngakhale tambala. Zimatengera mmene wobwereketsa wailembera m'buku lake, ndipo iye amailemba mmene mwamuuzira. Mukapanda kumuuza, amasankha yekha.

Tiyenda ndi chitsanzo chimodzi mpaka pamapeto. Munatenga K2,000,000 kuti mubweze pa miyezi 24, pa chiwongoladzanja cha 36 peresenti pachaka, kutanthauza 3 peresenti pamwezi. Mwezi uliwonse mumapereka K118,095. Mukayenda nayo mpaka kumapeto mudzakhala mutapereka pafupifupi K2,834,276, ndipo K834,276 mwa ndalamayi ndi chiwongoladzanja. Mwabweza kale miyezi 6, ndipo lero muli ndi K500,000 m'manja. Manambalawa ndawasankha kuti kuwerengera kuyende bwino. Inu muikepo anu.

Choyamba: dziwani mtundu wa chiwongoladzanja chanu

Tengani kalata ya mgwirizano imene munasaina ndi ndandanda wa kabwezedwe. Mukufuna kudziwa ngati chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ngongole yotsala, kapena pa ndalama yonse imene munatenga tsiku loyamba.

Njira yachidule yodziwira ndi kuyang'ana pa ndandandawo. Ngati gawo la chiwongoladzanja likutsika mwezi ndi mwezi, pamene gawo lopita ku ngongole yeniyeni likukwera, ndiye kuti chimawerengedwa pa yotsala. M'chitsanzo chathu, mwezi woyamba chiwongoladzanja ndi 3 peresenti ya K2,000,000, imene ndi K60,000, ndipo K58,095 yokha ndiyo imadula ngongole yeniyeni. Mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chimakhala chocheperapo chifukwa ngongole yachepa. Mabanki ambiri amawerengera motere, ndipo zonse zimene ndifotokoze pansipa zikugwira pa ngongole yamtundu umenewu.

Ngati chiwongoladzanja chili chofanana mwezi uliwonse, muli pa chimene anthu amati fulati. Wobwereketsa anachiwerengera chonse tsiku loyamba n'kuchigawa pa miyezi. Mwachitsanzo, K2,000,000 pa 20 peresenti ya fulati kwa zaka 2 imabala K800,000, ndipo mumapereka K116,667 pamwezi. Taonani kuti ndalama ya pamwezi ikuyandikana kwambiri ndi ya chitsanzo chathu, ngakhale wina akuti 20 peresenti wina 36. Koma pa nkhani yobweza msanga ngongole ziwirizi sizifanana. Pa fulati, K800,000 ija inalembedwa kale ngati ngongole yanu. Mukaponya K500,000 mudzamaliza msanga ndithu, koma chiwongoladzanja chimatsika pokhapokha mgwirizano utanena kuti amakuchotserani china mukabweza nthawi isanakwane. Ngati mgwirizano sukunena zimenezi, funsani akuuzeni polemba kuti achotsa zingati musanapereke kanthu.

Chachiwiri: pezani ngongole yeniyeni yotsala

Apa ambiri amalakwitsa m'njira ziwiri. Ena amachulukitsa ndalama ya pamwezi ndi miyezi yotsala: K118,095 kuchulukitsa ndi 18 ndi pafupifupi K2,125,707. Imeneyi si ngongole yanu ya lero, chifukwa mkati mwake muli chiwongoladzanja cha miyezi imene isanafike. Ena amachotsa zimene apereka pa zimene anatenga: miyezi 6 mwapereka K708,569, ndiye amaganiza kuti kwatsala pafupifupi K1,291,000. Imeneyinso si yoona, chifukwa K332,788 mwa zimene munapereka inapita ku chiwongoladzanja.

Ngongole yeniyeni yotsala m'chitsanzo chathu ndi K1,624,219. Nambala imeneyi ili pa ndandanda wa kabwezedwe, pa mzere wa mwezi wa 6, ndipo iyeneranso kuoneka pa sitetimenti ya ngongole. Ngati pali mwezi umene munachedwa kubweza, khulupirirani sitetimenti yatsopano osati ndandanda wakale, chifukwa pangakhale chindapusa ndi chiwongoladzanja chowonjezera. Dziwaninso kuti obwereketsa ambiri amayamba atenga chindapusa ndi zotsalira m'mbuyo pa ndalama iliyonse imene mwapereka, zotsalazo ndiye n'kupita ku ngongole yeniyeni. Ngati muli ndi zotsalira za K80,000, ndiye kuti pa K500,000 yanu ndi K420,000 yokha imene igwire ntchito imene tikukamba.

Mukakhala ndi manambala awiriwa, mungadziwe chiwongoladzanja chimene chikukuyembekezerani mukapanda kuchita kanthu: K2,125,707 kuchotsa K1,624,219 ndi K501,488. Lembani nambala imeneyi pambali. Ndiyo tidzayerekeze nayo zonse.

Chachitatu: chotsani ndalamayo, kenako yendani mwezi ndi mwezi

K1,624,219 kuchotsa K500,000 kutsala K1,124,219. Tsopano tikufuna kudziwa kuti mukapitiriza kupereka K118,095 yomwe ija, ngongole yatsopanoyi itha pa miyezi ingati.

Mwezi uliwonse mumachita zinthu zitatu. Mumachulukitsa ngongole yotsala ndi 0.03 kuti mupeze chiwongoladzanja. Mumachotsa chiwongoladzanjacho pa K118,095 kuti muone zimene zikupita ku ngongole yeniyeni. Kenako mumachotsa zimenezo pa ngongole yotsala. Mwezi wa 7 chiwongoladzanja ndi K33,727, zopita ku ngongole ndi K84,368, ndipo kutsala K1,039,851. Mwezi wa 8 chiwongoladzanja ndi K31,196, zopita ku ngongole K86,899, kutsala K952,951. Mukapitiriza chonchi mudzaona kuti pakutha pa mwezi wa 12 kwatsala K578,490, pakutha pa mwezi wa 15 kwatsala K267,113, ndipo mukapereka za mwezi wa 17 kwatsala K43,647 yokha. Mwezi wa 18 mumangopereka K43,647 ija ndi chiwongoladzanja chake cha K1,309, zonse pamodzi pafupifupi K44,957, ngongole n'kutha.

Ndimalimbikitsa kuyenda nayo pamanja kamodzi, ngakhale kumatenga mphindi zingapo, chifukwa mapeto ake mumakhala ndi ndandanda wanuwanu woyerekeza ndi umene banki ikupatseni. Koma ngati muli ndi Excel kapena Google Sheets, lembani izi:

```
=NPER(0.03,-118095,1124219)
```

Yankho ndi pafupifupi 11.38, kutanthauza miyezi 11 yathunthu ndi kachigawo ka mwezi wa 12. Nambala yoyamba mkatimo ndi chiwongoladzanja cha pamwezi, osati cha pachaka. Mukalemba 0.36 m'malo mwa 0.03 kompyuta idzakana kupereka yankho. Yachiwiri ndi ndalama ya pamwezi, ndipo imafuna chizindikiro chochotsa kutsogolo kwake. Yachitatu ndi ngongole yotsala mutachotsa kale K500,000.

Choncho ngongole imene ikanatha mwezi wa 24 ikutha mwezi wa 18. Miyezi 6 yachoka, ndipo wa 18 womwewo mukupereka zosakwana theka la zanthawi zonse.

Chachinayi: werengerani chiwongoladzanja chimene chapulumuka

Phatikizani zonse zimene mupereke kuchokera lero: miyezi 11 ya K118,095 ndi K44,957 yomaliza, zonse pafupifupi K1,344,000. Chotsanipo ngongole yeniyeni ya K1,124,219, ndipo chiwongoladzanja chatsopano ndi K219,781. Poyamba chinali K501,488. Chapulumuka ndi K281,707. Chiwongoladzanja cha ngongole yonse chatsika kuchoka pa K834,276 kufika pa K552,569.

Wina angadabwe kuti K500,000 ingapulumutse bwanji ndalama yoposa theka lake pa chaka chimodzi ndi theka. Taonani mwezi wa 7. Mukanapanda kuponya ndalamayo, chiwongoladzanja chikanakhala K48,727, koma tsopano ndi K33,727. Kusiyana ndi K15,000, imene ndi 3 peresenti ya K500,000. Popeza mukuperekabe K118,095, K15,000 imeneyo siipita m'thumba mwanu, ikupita kukadula ngongole yeniyeni. Mwezi wa 8 ngongole yanu ndi yocheperapo ndi K515,000 poyerekeza ndi ndandanda wakale, choncho chopulumuka ndi K15,450. Mwezi wotsatira chikukulanso. Chiwongoladzanja chimene chimaberekana pa mutu panu tsopano chikuberekana kumbali yanu, ndipo ichi ndicho chikufafaniza miyezi ya kumapeto. K500,000 ya lero yafafaniza K781,707 imene mukanapereka kutsogolo.

Chachisanu: sankhani mmene ndalamayo ilembedwere, ndipo nenani polemba

Sitepe iyi ndiyo yofunika kuposa zonse, chifukwa zimene tawerengera pamwambapa zimachitika pa njira imodzi yokha mwa njira zitatu.

Njira yoyamba ndi imene tayenda nayo: ndalama idule ngongole yeniyeni, ya pamwezi ikhale yomweyo, miyezi ichepe. Mukupulumutsa K281,707.

Njira yachiwiri: ndalama idule ngongole yeniyeni, miyezi yotsala ikhale 18 yomweyo mpaka mwezi wa 24, koma ya pamwezi itsike. Kuti muipeze lembani:

```
=PMT(0.03,18,-1124219)
```

Yankho ndi pafupifupi K81,740. Mwezi uliwonse mukupuma ndi K36,354, ndipo pa miyezi 18 zikukwana K654,378. Mukachotsapo K500,000 imene munaponya, chopulumuka ndi K154,378. Ndi ndalama ndithu, koma ndi yochepa ndi K127,329 poyerekeza ndi njira yoyamba. Chifukwa chake n'chakuti chimene chapulumuka mwezi uliwonse mukuchitenga kupita nacho kunyumba, sichikubwerera kukadula ngongole.

Sindinganene kuti njira yachiwiri ndi yolakwika. Munthu amene K118,095 ikumutsamwitsa, amene pofika pa 15 mwezi amakhala atayamba kale kufunafuna katapila kuti agule ufa, apindula kwambiri kutsitsa ya pamwezi, chifukwa katapila adzamudyera zoposa K127,329 ija pa miyezi yochepa. Koma ngati mwakhala mukukwanitsa popanda kubwerekanso kwina, sankhani yoyamba. Palinso njira yapakati: kulola kuti ya pamwezi itsike, inu n'kumapitiriza kupereka K118,095 mwa kufuna kwanu. Zotsatira zake zimafanana ndi njira yoyamba, koma pokhapokha wobwereketsa akulola kuwonjezera mwezi uliwonse popanda chindapusa ndipo akulemba zowonjezerazo ku ngongole yeniyeni. Zimafunanso munthu wodzigwira, chifukwa K36,354 ikakhala m'thumba imapeza ntchito msanga.

Njira yachitatu ndi yomwe imandipweteka mtima, chifukwa anthu amagwamo osadziwa. Munthu amangoika K500,000 mu akaunti imene banki imadulamo ngongole, kapena amaipereka pa kauntala osanena kanthu. Ndalamayo imakhala pamenepo kudikira, banki n'kumatengapo K118,095 mwezi uliwonse monga mwa ndandanda wakale. Kwa miyezi 4 munthu amamva ngati wapuma, koma ngongole yeniyeni sinadulidwe msanga ngakhale pang'ono. Itha mwezi wa 24 womwewo, chiwongoladzanja chikhala K834,276 yomweyo. Wangoisungitsa ndalama yake ku banki kwaulere, pamene ngongole ikumudya 3 peresenti pamwezi.

Choncho lembani kalata yaifupi, kapena lembani fomu ngati ilipo. Ikanene nambala ya ngongole, kuchuluka kwa ndalama, tsiku, ndi mawu omveka bwino akuti ndalamayi idule ngongole yeniyeni tsiku lomwelo, ndalama ya pamwezi isasinthe, ndipo akupatseni ndandanda watsopano. Sungani kope lodindidwa ndi risiti.

Chachisanu ndi chimodzi: chotsani chindapusa, yang'anani nthawi

Migwirizano ina imalipiritsa munthu akabweza nthawi isanakwane. Fufuzani ndime imeneyi. Tiyerekeze kuti wanu ukuti 5 peresenti ya ndalama imene mwabweza msanga. Ndiye K25,000, ndipo phindu lanu latsika kufika pa K256,707 ngati chindapusacho mwachilipira pambali. Mukupindulabe kwambiri. Koma werengani bwino kuti chindapusacho chikuwerengedwa pa chiyani. Ngati ndi pa ngongole yonse yotsala, 5 peresenti ya K1,624,219 ndi K81,211, ndipo ngati ngongole yatsala pang'ono kutha chindapusa chingadye phindu lonse. Migwirizano ina salola n'komwe kubweza gawo, amangolola kutseka yonse.

Nthawi imasintha zinthu kwambiri kuposa mmene ambiri amaganizira. Tiyerekeze kuti K500,000 yomweyo mwaisunga mpaka mutabweza mwezi wa 15. Pamenepo ngongole yotsala ndi K919,499, ndipo chiwongoladzanja chimene chatsala kutsogolo ndi K143,354 chabe. Mukaponya ndalamayo kutsala K419,499, imene ikutha pa miyezi 4, mwezi wa 19. Miyezi 5 yachoka, zimene zikuoneka ngati sizikusiyana kwenikweni ndi 6 ija. Koma chiwongoladzanja chimene chapulumuka ndi K112,389 yokha, chosafika ngakhale theka la K281,707. N'chifukwa chake kuwerenga miyezi yokha kumanamiza. Miyezi ya kumapeto imakhala ndi chiwongoladzanja chochepa, ndipo kuidula mochedwa kuli ngati kupalira chimanga chitakhwima kale.

Tsiku la m'mwezi nalonso lili ndi gawo lake. Kumene chiwongoladzanja amachiwerengera tsiku ndi tsiku, K500,000 pa 36 peresenti pachaka imabala pafupifupi K493 patsiku, choncho palibe chifukwa chodikira kumapeto kwa mwezi. Kumene amachiwerengera kamodzi pamwezi, funsani tsiku limene amawerengera ndipo perekani lisanafike.

Chachisanu ndi chiwiri: yerekezani ndi ntchito ina ya ndalamayo

Kuponya K500,000 ku ngongole ya 3 peresenti pamwezi kukufanana ndi kuiika pamalo pamene ikubala 3 peresenti pamwezi mosakayikitsa. Funso ndi lakuti kodi pali pena pamene ingabale zoposa pamenepo. Ngati muli ndi ngongole ina ya ku banki mkhonde imene ikudya 10 kapena 20 peresenti pamwezi, yambani ndi imeneyo, osayang'ananso kwina. Ngati muli ndi bizinesi imene mukudziwa, kuchokera m'buku lanu osati m'maloto, kuti mpamba wowonjezera umabala zoposa 3 peresenti pamwezi mutachotsa zonse, pangakhale nzeru kuikako.

Kukwera kwa mitengo kumalowanso pa nkhaniyi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wambiri anakwera, ndipo amene anali ndi ngongole ya chiwongoladzanja chosasintha anapitiriza kubweza ndi ndalama yopepukirapo. Ngati mukudziwa kuti miyezi iwiri ikubwerayi mufunika kugula feteleza kapena malata amene mtengo wake ukuthamanga, kuwagula lero kungakupulumutseni zofanana ndi chiwongoladzanja kapena kuposa. Koma zimenezi zikukhudza katundu amene mugule ndithu. Ndalama yongokhala mu akaunti wamba kapena pa foni imaluza kawiri, kwa mitengo ndi kwa ngongole.

Kumbukiraninso kuti ndalama ikalowa ku ngongole siibwerera. Pa njira yoyamba, mwezi wamawa banki idzafunabe K118,095 yake yonse, ngakhale mwaipatsa K500,000 lero. Ngati mulibe chosungira matenda kapena maliro, ponyani K400,000 musunge K100,000, ndipo bwerezani masamu aja ndi nambala yatsopanoyo.

Chomaliza: tsimikizani kuti zalembedwa bwino, ndipo imitsani kudula

Mwezi wotsatira tengani sitetimenti. Pali chinthu chimodzi choyang'ana: chiwongoladzanja cha mwezi wa 7 chikhale pafupi ndi K33,727. Chingasiyane pang'ono chifukwa cha masiku a m'mwezi, poti mwezi wina uli ndi masiku 30 wina 31. Koma mukaona K48,727 kapena pafupi napo, ndalama yanu sinadule ngongole yeniyeni, ili pa njira yachitatu ija. Bwererani ndi kope la kalata yanu, ndipo pemphani kuti akonze kuyambira tsiku limene munapereka, osati tsiku limene mwadandaula. Mukaona kuti adula K81,740 m'malo mwa K118,095, akuikani pa njira yachiwiri.

Ngati chiwongoladzanja cha ngongole yanu chimasintha mabanki akasintha mlingo wawo, masamuwa muwabwereze nthawi iliyonse chikasintha, ndi ngongole yotsala ya tsikulo ndi chiwongoladzanja chatsopano cha pamwezi.

Amene ngongole yawo imadulidwa pa malipiro, monga aphunzitsi ndi ena ogwira ntchito m'boma, asamale ndi mwezi womaliza. Lamulo lodula limene linapita kwa olemba malipiro linanena miyezi 24, ndipo silidziwa kuti ngongole yatha mwezi wa 18. Pofika mwezi wa 16 pitani kwa wobwereketsa mukafunse kuti kudula kumaimitsidwa bwanji ndipo kumatenga nthawi yaitali bwanji, chifukwa malipiro amakonzedwa mwezi usanathe. Mwezi wa 18 ayenera kutenga K44,957, osati K118,095, ndipo ngati atenga yonse, K73,138 ndi yanu yoti akubwezereni. Ngongole ikatha tengani kalata yotsimikiza kuti yatha, mupereke kope kwa olemba malipiro, ndipo ngati munapereka chikole monga makalata a malo kapena a galimoto, muwatenge tsiku lomwelo.